Homuweki: Dzanja la Kholo Lifike Pati?

M'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, funso loyamba la homuweki si lakuti kholo limadziwa masamu kapena ayi. Funso ndi lakuti mwana alemba nthawi yanji. Mu Juni dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo ngakhale mu Januwale mdima suchedwa kwenikweni. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zomwe zinkaunikira ndi magetsi a Escom, pamene zoposa theka zinkadalira tochi wa mabatire. Ukangochoka pamsewu wa tala wopita ku Mchinji, pa Mpingu kapena pa Namitete, n'kulowa m'midzi, tochiyo nthawi zambiri amakhala mmodzi panyumba, ndipo madzulo amafunika kukhitchini. Ndiye kuti nthawi yodalirika yolembera ndi ya pakati poweruka kusukulu ndi kulowa kwa dzuwa. Nthawi imeneyi ndi yomwenso mtsikana amatumidwa kumjigo ndi kuchigayo, mnyamata n'kukakusa mbuzi kapena kukathirira kudimba.

Amene amagawa maola amenewa ndi kholo. Mphunzitsi alibepo mphamvu, ndipo mwana wa zaka 9 sangauze amayi ake kuti chigayo chidikire. Apa ndi pomwe pali mphamvu yaikulu ya kholo pa homuweki, ndipo chodabwitsa n'chakuti akafukufuku a kumaiko komwe magetsi sathima adapezanso zofananazo.

Mu 2008, Erika Patall, Harris Cooper ndi Jorgianne Robinson a pa yunivesite ya Duke ku Amerika adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wa momwe makolo amalowerera pa homuweki. Adasiyanitsa njira zothandizira. Pali kuika malamulo, monga akuti ntchito ilembedwe nthawi yakuti, pamalo pakuti. Pali kulondalonda mwana. Palinso kumuthandiza mwachindunji pa funso lenilenilo. Mwa njira zonsezi, kuika malamulo ndi komwe kudaoneka kuti kumayenda limodzi kwambiri ndi kukhoza bwino. Kuthandiza mwachindunji kudapereka zotsatira zosakanikirana, ndipo pa masamu, ana othandizidwa kwambiri ndi makolo ndi omwe ankaoneka otsalira. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2006, Cooper ndi anzake adali ataonetsanso kuti kuchuluka kwa homuweki sikusintha zambiri kwa ana a kupulayimale poyerekeza ndi a kusekondale. Mwana wamng'ono satha kudziphunzitsa yekha kwa nthawi yaitali, ndipo kumuunjikira masamu 40 sikumupatsa nzeru zoposa za masamu 8 olembedwa modekha.

Zotsatira zotere zimafunika kuziwerenga mosamala. Tikaona kuti ana othandizidwa kwambiri ndi amene akulephera, si kuti chithandizocho ndicho chawalepheretsa nthawi zonse. Kawirikawiri zimayambira mbali inayo: mwana wayamba kuvutika, kholo laona, ndiye lakhala naye pansi. Mwana wokhoza salira thandizo. Choncho ziwerengerozi sizikuuza makolo kuti asiye ana awo. Zikungotichenjeza kuti si thandizo lililonse lomwe limafika m'mutu mwa mwana. Lina limathera m'kope.

Kope la m'kalasi ya ana 100

Tiyenera kumvetsa kaye kuti kope limagwira ntchito yanji pasukulu ya kumudzi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana olembetsa adakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi ndi aphunzitsi sizidachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo mpaka lero cholinga cha boma chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60 sichikwaniritsidwa m'makalasi ambiri aang'ono. Kalasi ya ana 100 si yachilendo ku Sitandade 1 mpaka 3. Mphunzitsi wotere akati apatse kope lililonse mphindi imodzi yokha, ndiye kuti ola limodzi ndi mphindi 40 zatha akungochonga. N'chifukwa chake ambiri amapereka homuweki mwa apo ndi apo, ena amauza ana kuti asinthane makope n'kuchongerana, ndipo ena amangoyendetsa cholembera chofiira pa mayankho osayang'ana njira yomwe mwana wadutsa.

Kwa mphunzitsi ameneyu, kope ndi njira pafupifupi yokhayo yodziwira mwana aliyense payekha. Sangafunse ana 100 mmodzimmodzi. Akaona machongi 10 pa 10, amakhulupirira kuti mwanayo wamva, n'kupita pa mutu wina. Tsono ngati amene walemba mayankhowo ndi achimwene ake a Fomu 2, kapena bambo amene amangotchula yankho ali pa mpando kuti nkhani ithe msanga, mphunzitsi wanamizidwa. Alimi a fodya a ku Nsaru akuchidziwa chinyengo choika masamba okongola pamwamba pa belo, oipa ali m'kati: belo limayenda bwinobwino mpaka ku Kanengo, komwe amakalitsegula pakati. Kope lolembeledwa limayendanso choncho mpaka mayeso a kumapeto kwa teremu, kapena mpaka mayeso a Maneb a Sitandade 8, pamene palibenso wotchula yankho.

Kholo lingadziwe bwanji kuti izi zikuchitika panyumba pake? Zizindikiro zake sizivuta. Ntchito ya kunyumba imakhala yokhoza yokhayokha pamene ya m'kalasi, m'kope lomwelo, ili ndi mitanda yambiri. Masamu aatali ali ndi yankho lokha, popanda njira, popanda pofufuta. Ndipo ukatseka kope n'kumufunsa mwana samu yomweyo, amayang'ana kudenga.

Samu imodzi, tiione bwinobwino

Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 3 pa sukulu ina ya kufupi ndi Nambuma. Wabwera ndi kope lomwe aphunzitsi achonga dzulo. Mwa masamu ochotsera, ena wakhoza, ena walakwa. Pa 58 − 23 walemba 35, ndipo wakhoza. Pa 52 − 27 walembanso 35, koma yankho ndi 25. Pa 63 − 28 walemba 45 m'malo mwa 35. Pa 41 − 16 walemba 35 m'malo mwa 25.

Kholo lopupuluma linena kuti mwanayu ndi wosasamala, popeza zina akukhoza. Koma yang'anani bwino. Mayankho olakwawo onse apitirira ndi 10 ndendende. Mwanayu sakulota. Ali ndi lamulo lake lomwe akulitsata mokhulupirika: pa mzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, kaya yaikuluyo ili pamwamba kaya pansi. Pa 52 − 27 waona 2 ndi 7, wati 7 kuchotsa 2 ndi 5, kenako 5 kuchotsa 2 ndi 3, wapeza 35. Lamulo lakeli limagwira pa 58 − 23 chifukwa manambala apamwamba onse ndi aakulu, n'chifukwa chake amakhozako zina. Chomwe sadamve ndi kubwereka. Kumukalipira kuti azisamala sikungathandize, pakuti akusamala kale. Kumutchulira 25 sikuthandizanso, chifukwa mawa akakumana ndi 74 − 39 adzalemba 45.

Amayi ake adalekezera Sitandade 4 ndipo za kubwereka adaiwala. Koma amagulitsa tomato, ndipo pa chenje palibe angawapusitse. Akhoza kumufunsa chonchi:

"Iwe, uli ndi K520. Wagula sopo wa K270. Akubwezera zingati?"

Mwana amene amatumidwa kugolosale aganiza pang'ono n'kunena kuti, "K250, amayi."

"Nanga ukalemba papepala monga umachitira kusukulu, zikutuluka zingati?"

Alemba, atsata lamulo lake lija, n'kupeza 350.

"Tsono wagolosale akupatse ziti, 250 kapena 350?"

Apa mwana waona yekha kuti njira yake ili ndi vuto, ndipo amayi sadagwire cholembera. Chotsatira ndi timitengo. Ana a makalasi aang'ono amadziwa kale kuwerengera timitengo ndi zitsekerero za mabotolo. Amange mitolo 5 ya timitengo khumikhumi, ndi timitengo 2 tapadera. Imeneyo ndi 52. Amuuze kuti achotse 7 pa tapaderato. Sizitheka, tilipo tiwiri tokha. Mwanayo akakhala chete kwa kanthawi, asamufulumizitse. Posakhalitsa amasula mtolo umodzi, n'kukhala ndi mitolo 4 ndi timitengo 12. Akachotsa 7 patsala 5. Akachotsa mitolo 2 patsala mitolo 2. Yankho ndi 25, ndipo kubwereka komwe aphunzitsi amanena pabolodi wakugwira ndi manja ake: ndi kumasula mtolo. Pomaliza aphunzire kudziyesa yekha pophatikiza yankho ndi nambala yomwe wachotsa. 25 kuphatikiza 27 ndi 52, zabwerera. 35 kuphatikiza 27 ndi 62, sizinabwerere.

Zonsezi zitha kutenga mphindi 20, ndipo mwina masamu otsalawo salembedwa onse tsiku limenelo. Palibe vuto. Kope lopita kusukulu ndi masamu atatu olembedwa ndi mwana mwini, ena osamaliza, limauza mphunzitsi zoona. Ngati amayiwo sadathe kupeza pomwe pali vuto, zomwe zimachitika nthawi zambiri, ntchito yawo ndi kusiya zolakwazo momwe zilili n'kukauza aphunzitsi, kapena kutuma mawu, kuti, "Aphunzitsi, mwanayu masamu ochotsera akumayesa ndithu, koma akumalakwa mofanana. Tamuonereniko." Mawu otere amamuthandiza mphunzitsi kuposa siginecha ya kholo pansi pa tsamba.

Kuwerenga mokweza

Pa kuwerenga, vuto la dziko lino n'lalikulu kuposa momwe makolo ambiri amaganizira. Pa mayeso a SACMEQ a 2007, omwe adayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kummawa kwa Afrika, Malawi adali pansi penipeni pa kuwerenga. Lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la 2018 lidaonetsa kuti pafupifupi ana 9 mwa 10 aliwonse a Sitandade 2 omwe adayesedwa m'Malawi sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kafupi. Ziwerengero zonga izi ndi zomwe zidachititsa kuti mu 2016 unduna wa zamaphunziro, mothandizidwa ndi USAID, uyambitse ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'Sitandade 1 mpaka 4.

Ndondomekoyi idasintha kaphunzitsidwe, ndipo pamenepa makolo ena amasokoneza ana mosadziwa. Mwana wa lero amayamba ndi liwu lomwe lembo limatulutsa, kenako amalumikiza maliwu kupanga phatikizo, maphatikizo n'kupanga mawu. Bambo amene adaphunzira kalekale, mwinanso ndi buku la Sosa, akafuna kuthandiza amatchula maina a malembo monga amatchulidwira m'Chingerezi: "emu", "e". Mwana akalumikiza zimenezo sapeza "ma". Kusukulu adamuuza kuti lembolo limalira "mmm". Njira ziwirizi zikakumana pa mkeka umodzi, wolira ndi mwana. Nzeru yake ndi yakuti kholo liyambe lafunsa kuti, "Aphunzitsi amati limalira bwanji ili?" n'kutsata njira ya mwanayo, ngakhale ikhale yachilendo.

Chichewa chili ndi mwayi wakuti chimalembedwa monga momwe chimamvekera, ndiye mwana akangogwira maphatikizo amathamanga. Pomwe ambiri amakodwa ndi pa maphatikizo a malembo atatu, anayi kapena asanu, monga "nkha", "mphe", "ntchi" ndi "ng'o". Kholo lomvetsera limazindikira msanga, chifukwa mwana amayenda bwino pa "amayi apita kumunda" koma amaima pa "nkhuku" kapena "ntchito".

Ndipo pano pali chinthu chomwe agogo osadziwa lembo ndi limodzi lomwe angachite bwino kuposa mphunzitsi wa ana 100: kumvetsera mwana mmodzi akuwerenga mokweza kwa mphindi 10 kapena 15. Agogo sangaone zilembo, koma Chichewa amachidziwa. Mwana akawerenga chiganizo chopanda mutu, khutu lawo ligwira. "Bwereza pamenepo, sizikumveka." Akamaliza amufunse: "Ndiye kalulu uja anathawira kuti? Chifukwa chiyani?" Chofunika kusamala ndi kuloweza. Ana ambiri amaimba tsamba lonse pamtima chifukwa adalibwereza m'kalasi mogwirizana ndi anzawo, maso ali kwina. Kuyesa kwake n'kosavuta: lozani liwu limodzi pakati pa tsamba, kapena muuzeni ayambire mzere wapansi kukwera m'mwamba. Woloweza amasowa poyambira. Sukulu zina zimabwereketsa mabuku kuti ana apite nawo kunyumba, zina zimaumira poopa kuti ang'ambika kapena anyowa. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikamba pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kapena kukomiti ya sukulu, chifukwa buku lotsekeredwa mu ofesi ya ahedi siliphunzitsa aliyense. Pomwe buku palibe, la nyimbo za kutchalitchi kapena Baibulo la Chichewa zimagwira ntchito kwa mwana amene wayamba kale kulumikiza mawu.

Kodi kholo limamudziwa mwana wake?

Kafukufuku wodziwika bwino wa nkhaniyi m'Malawi adachitika ku Machinga ndi ku Balaka mu 2012, ndipo amene adatsogolera ndi Rebecca Dizon-Ross, katswiri wa zachuma amene adasindikiza zotsatira zake mu 2019. Adagwira ntchito ndi makolo a ana a m'sukulu 39 za pulayimale. Poyamba adawafunsa kuti akuganiza kuti ana awo amakhoza bwanji masamu, Chingerezi ndi Chichewa, n'kuyerekeza ndi malikisi enieni a kusukulu. Makolo ambiri adaphonya patali, nthawi zambiri poganiza kuti mwana ali pamwamba kuposa pomwe ali, ndipo ophonya kwambiri adali makolo omwe sadapite patali ndi sukulu. Si kuti masukulu sankapereka malipoti. Ankapereka, koma ena sankafika kunyumba, ndipo ena ankafika koma osamveka.

Kenako makolo ena adafotokozeredwa zotsatira za ana awo momveka bwino, pamaso m'pamaso. Onse adapatsidwa mwayi wosankhira ana awo timabuku ta ntchito taulere, tomwe tidali ta magawo atatu: tosavuta, tapakati ndi tovuta. Makolo omwe adauzidwa zoona adasankha timabuku togwirizana ndi pomwe mwana ali. Enawo ankasankha motsata zomwe ankaganiza. Tanthauzo lake pa homuweki n'loonekeratu: kholo lofunitsitsa, lopatula nthawi, likhoza kumangokankhira mwana ntchito yomwe sangaikwanitse, chifukwa silidziwa kuti maziko adatsalira makalasi awiri m'mbuyo.

Kafukufukuyu adaonetsanso mbali ina yowawa. Makolo atadziwa zoona, ana okhoza adalimbikitsidwa kukhalabe pasukulu, koma ana otsalira adayamba kusiya sukulu mochulukirapo. Banja losauka likadziwa kuti mwana uyu ndiye wanzeru, limaika ndalama zochepa zomwe lili nazo pa iyeyo. Ine ndimaona kuti aphunzitsi ndi alangizi a maphunziro a m'mazoni ayenera kuikumbukira mfundo imeneyi akamapereka malipoti. Kuuza kholo kuti mwana wakhala nambala 87 pa ana 104 n'kumupatsa chifukwa chomutumizira kumunda. Kumuuza kuti mwana amadziwa kuphatikiza koma sadagwire kubwereka n'kumupatsa ntchito yoti aigwire sabata ino. Mwambo wathu wofunsa kuti "wakhala nambala chani?" tsiku lotsekera sukulu umabisa zambiri, pakuti m'kalasi momwe ambiri satha kuwerenga, ngakhale nambala 10 akhoza kukhala wosawerenga.

Teremu yachiwiri, ndi chaka cha Chingerezi

Kwa alimi a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, lamulo la nthawi yolembera limayesedwa kwenikweni mu teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka cha mu Malichi. Ndi nyengo yopalira ndi kubandira, yothyola fodya ndi kusoka m'chigafa, komanso ndi nyengo yomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitatha ndipo akuluakulu ali pa ganyu. Kusoka fodya kumafuna manja ambiri, ndipo manja a ana ndi omwe ali pafupi. Kuuza banja lotere kuti mwana asagwire ntchito iliyonse ndi kulankhula kwa munthu wokhuta. Chomwe chimatheka ndi kuteteza kanthawi kochepa koma kosasuntha: akangodya chamasana, theka la ola pakhonde, asanatumidwe kulikonse. Kwa mwana wa Sitandade 1 kapena 2 ngakhale mphindi 15 zikwana. Kanthawi kameneka kakakhala ka tsiku ndi tsiku kamaposa maola atatu a Lamlungu madzulo. Ndipo kagawidwe mofanana, chifukwa panyumba zambiri mnyamata ndi amene amapeza mpata pamene mlongo wake ali ndi mwana kumsana.

Tizikumbukiranso kuti kuno kwa Achewa, "kholo" si bambo ndi mayi okha. Ana ambiri akukulira kwa agogo, ndipo atsibweni ali ndi mawu pa mbumba yawo. Lamulo la nthawi yolembera likadziwika kwa akulu onse a pakhomo, mwana satumidwa ndi wina pamene wina wamukhazika pansi. Achimwene ndi achemwali a kusekondale ndi chuma chachikulu, bola auzidwe malire awo: afotokoze ndi chitsanzo china chofanana, cholembera chikhale m'dzanja la mwini kope.

Malire a thandizo la kholo amaonekera poyera mwana akafika Sitandade 5, pamene maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi. Homuweki yambiri imasanduka kukopera manotsi a sayansi, zaulimi ndi zachikhalidwe, ndipo makolo ambiri amagwa mphwayi n'kunena kuti zafika poti sangazithe. Zoonadi, sangakonze Chingerezicho. Koma funso limodzi limagwirabe ntchito: "Tandiuza m'Chichewa zomwe walembazi." Mwana amene wakopera tsamba lonse la kukokoloka kwa nthaka koma sangafotokozere bambo ake, omwe amalima mizere yopingasa chaka ndi chaka, kuti tsambalo likunena chiyani, ndiye kuti wajambula zilembo chabe. Mayeso a Sitandade 8, omwe amasankhira ana opita kusekondale, amafunsidwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo funso likangotembenuzidwa pang'ono woloweza amasochera. Kholo likaona kuti mwana wa Sitandade 5 kapena 6 akulephera kumasulira manotsi ake sabata ndi sabata, vuto silili pa sayansi kapena pa zaulimi. Lili pa kuwerenga Chingerezi, ndipo mpofunika kukaonana ndi aphunzitsi a phunziro limenelo chaka chomwecho, osadikira kuti afike Sitandade 8 n'kuyamba kulipira makalasi apadera a miyezi itatu.